Kudula lipoti kapena kulemba mwatsopano: mphindi zisanu ku Henga

Chigwa cha Henga, chimene chimatsata mtsinje wa South Rukuru ndi msewu wa M1 m'boma la Rumphi, ndi dera la ulimi komanso la sukulu. Ku Phwezi kuli sukulu za sekondale ndi za ntchito zamanja, ndipo pamwamba pa phiri ku Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, kuli Yunivesite ya Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003. Ophunzira a m'malo otere amapatsidwa ntchito ya pagulu: kupita m'midzi, kufufuza vuto, kulemba lipoti limodzi. Lipoti likatha pamabwera ntchito ina imene ambiri amaiona ngati yaing'ono. Gulu lonse liyenera kuimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza zimene lapeza m'mphindi zisanu.

Pali njira ziwiri zokonzera mawu a mphindi zisanuzo, ndipo zonse ziwiri zili ndi anthu anzeru ozikonda. Yoyamba ndi kudula lipoti: aliyense atenge chaputala chimene analemba, achifupikitse, ndipo alankhule motsatana monga mmene machaputala akutsatirana. Yachiwiri ndi kutseka lipoti, kugwirizana kaye za chinthu chimodzi chimene omvera ayenera kupita nacho kunyumba, kenako kulemba mawu atsopano omangidwa pa chinthucho. Kuti tizione bwino njirazi tifunika lipoti limodzi loziyeserapo.

Tiyerekeze ophunzira anayi amene anafufuza kasungidwe ka chimanga m'mabanja asanu ndi limodzi cha ku Mhuju. Manambala awo ndawaika ngati chitsanzo chabe, koma nkhaniyo ndi yeniyeni kwa mlimi aliyense. Banja lililonse linasunga matumba awiri a makilogalamu 50: limodzi thumba wamba lothira mankhwala a ufa, lina thumba la PICS, lija la mapepala awiri apulasitiki mkati ndi saka kunja, limene linapangidwa ndi akatswiri a ku Yunivesite ya Purdue ku America. Thumba la PICS silifuna mankhwala. Likamangidwa bwino silipitsa mpweya, anankafumbwe amamaliza mpweya wochepa umene uli mkati n'kufa. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ophunzira anatapa njere 100 m'thumba lililonse n'kuwerenga zofumbwa. M'matumba wamba anapeza njere 18 pa 100. M'matumba a PICS a mabanja asanu anapeza njere ziwiri zokha pa 100, koma m'banja lachisanu ndi chimodzi anapeza 14, chifukwa khoswe anaboola pepala. Akaphatikiza mabanja onse, PICS ikubwera pa njere zinayi pa 100. Zonsezi zili m'lipoti la masamba 20, la mawu ngati 6,000, lolembedwa m'Chingerezi.

Masamu a nthawi sanyengerera munthu. Mphindi zisanu ndi masekondi 300. Wolankhula Chingerezi modekha amatchula mawu apakati pa 130 ndi 150 pa mphindi, ndiye kuti gulu lonse lili ndi malo a mawu apakati pa 650 ndi 750. Pa mawu khumi aliwonse a m'lipoti, asanu ndi anayi ayenera kutsala. Ngati gulu lilankhula Chitumbuka kapena Chichewa, chiwerengerocho chimatsikanso, chifukwa mawu athu ndi aatali: liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa. Njira yodziwira ndi imodzi, kuwerenga ndime mokweza wina atagwira wotchi ya pa foni, n'kuwerenga mawu amene alowa m'mphindi imodzi. Apa njira ziwirizi n'zofanana, zonse zimataya zambiri. Zimasiyana pa funso loti ndani akusankha zotaya, ndipo akusankha poyang'ana chiyani.

Mu njira yoyamba amene amasankha ndi mwini chaputala. Masekondi 300 amagawidwa panayi, aliyense 75. Woyamba amanena za mbiri ya vuto ndi cholinga, wachiwiri za mmene anafufuzira, wachitatu za zimene anapeza, wachinayi za malangizo. Njirayi sindikufuna kuinyoza, chifukwa ili ndi zabwino zenizeni. Aliyense amalankhula zimene anazigwira ndi manja ake, choncho akafunsidwa funso sachita chibwibwi. Palibe wodandaula kuti mnzake wam'phangira nthawi. Imakonzeka madzulo amodzi, popeza palibe chokambirana chachikulu. Ndiponso mphunzitsi amene ali ndi pepala lopatsira malikisi, lokhala ndi mzere wa cholinga, mzere wa njira, mzere wa zotsatira ndi mzere wa malangizo, amapeza chilichonse pamalo pake, n'kumachonga mosavutika. Kwa gulu limene silinaimirirepo pamaso pa anthu, dongosolo lodziwika kale limachepetsa mantha, ndipo zimenezo si zazing'ono.

Vuto lake limaoneka mukaika wotchi pambali pa lipoti la chimanga lija. Woyamba amayamba ndi malonje ndi mayina a gulu, kenako amanena kuti chimanga ndi chakudya chodalirika m'Malawi, kuti alimi amataya zokolola akasunga, kuti boma la Rumphi lili kumpoto. Omvera onse akuzidziwa zimenezi. Wachiwiri amapereka moni wakenso, n'kufotokoza mmene anasankhira mabanja. Pofika pamene wachitatu akutsegula pakamwa, masekondi 150 apita, theka la nthawi, ndipo palibe womvera amene wamva ngati thumba la PICS linathandiza kapena ayi. Nthawi zambiri apita oposa 150, chifukwa munthu amene analemba masamba asanu savomera msanga kuti atatu mwa iwo ndi osafunika. Woyamba akadya masekondi 90, wachiwiri 90, otsala awiri amagawana 120, ndipo awiriwo ndi amene anyamula zotsatira ndi malangizo. Wachitatu amathamanga, n'kuwerenga tebulo lonse la manambala khumi ndi awiri. Wachinayi amadulidwa ndi wosunga nthawi ali pakati pa chiganizo. Gawo limene gulu linavutikira miyezi isanu ndi umodzi ndi limene limafera m'njira.

Chifukwa chake si ulesi wa ophunzira. Dongosolo la lipoti linapangidwira wowerenga, ndipo wowerenga ali ndi ufulu umene womvera alibe. Akhoza kudumpha mawu oyamba, kupita pa tsamba 14 kukaona tebulo, n'kubwerera pa tsamba 8 kukaona ngati njira inali yolondola. Womvera amatenga mawu monga akubwerera, kamodzi kokha. Akamva za mabanja asanu ndi limodzi asanadziwe chimene chinapezeka, alibe pomangirira nkhaniyo, ndipo amaiiwala. Nkhani yomweyo akaimva atadziwa kale yankho, amaitchera khutu, chifukwa tsopano akufuna kudziwa ngati yankholo n'lodalirika.

Njira yachiwiri imayambira pamenepa. Anayi aja amakhala pansi lipoti lili chitsekere, aliyense n'kulemba payekha chiganizo chimodzi choyankha funso lakuti: tapeza chiyani? Kawirikawiri ziganizo zinayizo zimasiyana, ndipo kusiyanako ndi phindu loyamba la njirayi, chifukwa kukuonetsa kuti anthu amene anasaina lipoti limodzi sanagwirizane za tanthauzo lake. Wina alemba kuti PICS ndi yabwino. Wina alemba kuti alimi sadziwa kusunga chimanga. Wina alemba kuti makoswe ndiwo vuto. Amakambirana mpaka atapeza chiganizo chimene onse angachiteteze, ndipo chimenecho chimakhala mawu oyamba akatha malonje. Pa lipoti lathu chingamveke chonchi: "Tinasunga chimanga miyezi isanu ndi umodzi m'matumba a mitundu iwiri. M'thumba wamba, njere 18 pa 100 zinafumbwa. M'thumba la PICS zinafumbwa zinayi. Koma thumba la PICS limagwira ntchito pokhapokha ngati silinabooke, ndipo tikuuzani zimene zinachitika pamene lina linabooka." Mawu amenewa amatha m'masekondi osakwana 30. Ngakhale magetsi atazima kapena mvula itayamba kugunda malata, omvera atenga kale chenicheni.

Nthawi yotsala imagawidwa poyang'ana kulemera kwa nkhani, osati chiwerengero cha anthu. Woyamba atenge masekondi 40: 15 a malonje ndi 25 a yankho. Malonje sangachotsedwe, makamaka ngati pali mafumu ndi alangizi a zaulimi, koma aperekedwe kamodzi m'malo mwa gulu lonse. Wachiwiri atengenso 40 kufotokoza mmene anayesera: mabanja angati, matumba angati, miyezi ingati, njere zinawerengedwa bwanji. Wachitatu, wa umboni, apatsidwe 105. Wachinayi apatsidwe 85 a malire a kafukufuku ndi malangizo. Zonse pamodzi ndi 270. Kupatsirana katatu, masekondi asanu kulikonse, kukufikitsa pa 285, ndipo 15 otsalawo ndi a chifuwa, a pepala logwa pansi, a munthu wolowa mochedwa. Mawu olembedwa kuti akwane masekondi 300 ndendende amapitirira nthawi pa tsiku lenileni.

Gawo la umboni ndi limene limasonyeza bwino kusiyana kwa njirazi. Mu njira yoyamba wolankhula amanyamula tebulo la m'lipoti n'kuliwerenga: banja loyamba zakuti, lachiwiri zakuti. Khutu silingasunge manambala khumi ndi awiri. Mu njira yachiwiri amasankha atatu okha, 18, 4 ndi 14, ndipo lililonse limapatsidwa nthawi yoti likhazikike. Angathe kubweretsa mbale ziwiri za chimanga chochokera m'matumba awiriwo, n'kuzipititsa m'manja mwa omvera uku akulankhula. Kenako amakhala pa banja lachisanu ndi chimodzi lija: thumba linaikidwa pansi, litatsamira khoma, khoswe anaboola, mpweya unalowa, anankafumbwe anapitiriza kudya. M'lipoti nkhaniyi ndi ziganizo ziwiri pansi pa tebulo. Polankhula iyenera kutenga masekondi 40, chifukwa ndi imene ikupereka chifukwa cha malangizo onse otsatira: thumba likhale pa thandala, lisakhudze khoma, pepala lililonse limangidwe palokha, ndipo lisanagwiritsidwe ntchito liyesedwe polidzaza mpweya n'kulifinya kuti aone ngati likutuluka.

Palinso kusiyana kwa kamangidwe ka ziganizo, ndipo ku Henga nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene ingakhalire ku Zomba kapena ku Lilongwe. Lipoti lili m'Chingerezi, ophunzira ena m'gulu angakhale ochokera kumwera olankhula Chichewa, pamene alimi a ku Mhuju ndi Mzokoto amalankhula Chitumbuka. Njira yodula lipoti imabala ziganizo zazitali za Chingerezi cha m'mabuku, zimene wolankhula amayesa kuzitembenuza ali chiimire, ndipo nthawi imawirikiza. Njira yachiwiri imakakamiza gulu kusankha chilankhulo lisanalembe liwu loyamba, n'kulemba m'chilankhulo chimene chidzalankhulidwe. Ngati pakhala womasulira, mphindi zisanu zasanduka ziwiri ndi theka, ndipo mawu adulidwenso pakati. Gulu limene silinawerengere zimenezi limadzazindikira lili kale kutsogolo.

Kupatsirana nakonso kumasiyana. Mu njira yoyamba amati, "Tsopano ndikupatsira mnzanga kuti apitirize," ndipo mnzakeyo amayamba ndi kuthokoza. Mawu amenewa sanyamula kanthu. Mu njira yachiwiri chiganizo chomaliza cha wina chimakhala funso limene wotsatira akuyankha. Woyamba amatsiriza ndi kuti, "Mwina mukufunsa kuti manambalawa tawapeza bwanji," ndipo wachiwiri amalowa pomwepo: "Tinapempha mabanja asanu ndi limodzi." Kuti izi zitheke, aliyense ayenera kudziwa chiganizo chomaliza cha amene ali patsogolo pake, ndipo n'chifukwa chake mawu onse amalembedwa papepala limodzi, osati pa mapepala anayi.

Koma njira yachiwiri ili ndi matenda ake, ndipo ndi oopsa kuposa a yoyamba chifukwa saoneka. Njira yoyamba ikalephera, omvera amatopa, basi. Yachiwiri ikalephera, omvera amapita kunyumba atakhulupirira chinthu chimene lipoti silinanene. Chiganizo chimodzi chomveka bwino chimakopa, ndipo gulu limayamba kuchotsa chilichonse chochidetsa. Pa lipoti lathu chiyeso chake n'chodziwikiratu: kunena kuti "18 ndi 2" m'malo mwa "18 ndi 4", posiya banja la khoswe lija ngati ngozi yosayenera kuwerengedwa. Nambala 2 ilimo m'lipoti, ndiye palibe amene anganene kuti yapekedwa, komabe kuinena yokha ndi kunama. Mlimi amene agule thumba lokwera mtengo chifukwa cha mawuwo alinso ndi makoswe kunyumba kwake. Chiyeso china ndi kukulitsa: mabanja asanu ndi limodzi a mudzi umodzi, nyengo imodzi, amasanduka "alimi a ku Henga". Chinanso ndi kuiwala chenjezo limene m'lipoti lili m'chaputala cha njira, lakuti chimanga chonse chinaumitsidwa kaye. Chimanga chosauma bwino chikatsekeredwa m'thumba losapitsa mpweya chimawonongeka, n'chifukwa chake alangizi amati chinyezi chisapitirire mapelesenti 13, ndipo amaphunzitsa kuyesa ndi mchere wouma m'botolo: mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chenjezo limeneli likasowa m'mphindi zisanuzo, gulu lapereka malangizo amene angawonongetse chakudya cha banja.

Mankhwala a matendawa ndi kutsegulanso lipoti mawu akatha kulembedwa. Mmodzi awerenge chiganizo chilichonse chokhala ndi nambala kapena chonena motsimikiza, wina apeze tsamba limene chachokera, n'kulemba nambala ya tsambalo m'mphepete. Chiganizo chosowa tsamba chichotsedwe kapena chifewetsedwe. Ntchitoyi imathandizanso pa mafunso, chifukwa wofunsa akati "mwazitenga kuti", yankho lili pafupi. Njira yoyamba siifuna kwambiri ntchito imeneyi, popeza mawu ake sanachoke patali ndi lipoti, ndipo pamenepa ikupambana.

Matenda achiwiri ndi a ubale wa m'gulu. Kulemba mwatsopano kumafuna dzanja limodzi losalaza mawu kuti amveke ngati nkhani imodzi, ndipo dzanja limenelo limatha kulanda ntchito yonse. Atatu enawo amangolandira mawu a mnzawo n'kuwaloweza, ndipo zimadziwika msanga: munthu amalankhula bwino, koma akafunsidwa amatembenukira kwa amene analemba. Kugawa nthawi mosafanana kumabweretsanso madandaulo, makamaka ngati malikisi akuperekedwa kwa munthu payekha. Wa masekondi 40 amaona ngati wachepetsedwa. Gulu lingachepetse vutoli popatsa olankhula mwachidule udindo woyamba kuyankha mafunso, ndiponso polola aliyense kusintha mawu a gawo lake kuti agwirizane ndi pakamwa pake, malinga manambala ndi chiganizo chopatsirana zisasinthe. Ndi bwinonso kufunsa mphunzitsi pasadakhale ngati pali nthawi yochepetsetsa imene aliyense ayenera kulankhula. Zonsezi zimadya nthawi: njira yachiwiri imafuna kukumana kangapo, pamene yoyamba imatha kukonzeka tsiku limodzi.

Kunja kwa dziko lino maganizo oti kulankhula mwachidule ndi luso lapadera, losiyana ndi kufupikitsa, anafika pokhala mpikisano. Mu 2008 Yunivesite ya Queensland ku Australia inayambitsa mpikisano wa 3MT, umene wophunzira wa digiri yapamwamba amafotokoza kafukufuku wake wa zaka zingapo m'mphindi zitatu, kwa anthu osadziwa phunzirolo, ali ndi chithunzi chimodzi chokha chosasuntha. Wopitirira mphindi zitatu amachotsedwa mu mpikisano. Palibe amene angakwanitse zimenezi podula machaputala. Lamulo la chithunzi chimodzi likuyenera bwino kalasi kapena bwalo la ku Henga kumene pulojekita kulibe kapena magetsi ndi osadalirika: pepala limodzi lalikulu lokhala ndi mizati iwiri, wa 18 ndi wa 4, likwanira.

Pali mayeso amodzi amene amaweruza njira zonse ziwiri mofanana. Gulu liitane munthu amene sanawerenge lipoti, mnzawo wa kalasi ina kapena mayi wogulitsa pa msika, limulankhulire ndi wotchi, kenako limufunse mafunso awiri: tapeza chiyani, ndipo n'chiyani chingalepheretse? Akayankha loyamba ndi mawu akuti "mumanena za chimanga", mawuwo ali ndi matenda a njira yoyamba. Akayankha kuti "PICS ndi yabwino" koma osatchula kubooka kapena kuumitsa, ali ndi matenda a njira yachiwiri. Poyesererapo aimirire ndi kulankhula mokweza, chifukwa kuwerenga chamumtima kumafulumira ndipo kumanamiza wotchi.

Ine ndikuona kuti njira yodula lipoti ili ndi malo ake, koma ndi ochepa: pamene omvera ndi aphunzitsi okha amene lipoti ali nalo m'manja, pepala la malikisi likutsata machaputala, ndipo gulu lili ndi tsiku limodzi lokonzekera. Ngakhale pamenepo, woyamba anene yankho m'chiganizo chake chachiwiri, ndipo nthawi ya mawu oyamba idulidwe pakati n'kupatsidwa kwa wa zotsatira. Kwina konse, makamaka pamene omvera ndi alimi, mafumu kapena komiti ya chitukuko imene ichitepo kanthu pa zimene yamva, gulu lilembe mwatsopano, liyambe ndi yankho, lisunge nambala yoipa pamodzi ndi yabwino, ndipo chiganizo chilichonse lichipezere tsamba lake m'lipoti lisanaimirire.